Kuyerekeza Mitengo ya Maulendo: Basi, Minibasi ndi Takisi Yokwera Anthu Angapo

Unduna wa za Mtengatenga ukupereka chidziwitso ichi kwa alimi, ochita malonda ndi anthu onse amene amayenda maulendo ataliatali pamisewu ya dziko lino. Cholinga chake ndi kufotokoza momwe wapaulendo angawerengere mtengo weniweni wa ulendo asanasankhe galimoto yoti akwere. Mtengo umene kondakitala amatchula pakhomo la galimoto ndi wa mpando wokha. Pamwamba pa mtengowo pali ndalama ya katundu, ndalama yochokera potsikira kukafika kumene munthu akupita, komanso nthawi imene imatha munthu akudikira kuti galimoto inyamuke. Zinayizi zikaphatikizidwa, galimoto imene imaoneka yotsika mtengo poyamba nthawi zina ndi imene imadya ndalama zambiri.

Chidziwitsochi sichikukhazikitsa mitengo. Eni galimoto ndi amene amaika mitengo ya maulendo, ndipo mitengoyo imasinthasintha. Manambala a ndalama amene ali m'chitsanzo cha m'munsimu ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe kake.

Mitundu itatu ya galimoto

Basi yaikulu imakhala ndi mipando pafupifupi 60 kapena kuposerapo, ndipo pansi pake pali zipinda zoikamo katundu. Mabasi alipo a mitundu iwiri. Ena amayendera nthawi yoikika, amagulitsa matikiti ku ofesi ndipo amaima malo ochepa. Ena amaimika m'madepoti monga ya Wenela ku Blantyre kapena ya ku Lilongwe, amanyamuka akadzaza ndipo amaima paliponse pamene pali wokwera kapena wotsika. Alimi ndi ochita malonda ambiri amakwera mabasi a mtundu wachiwiriwu, choncho ndi amene chidziwitsochi chikukamba kwambiri.

Minibasi imanyamula anthu pafupifupi 15. Malo a katundu ndi ochepa: kampata kakang'ono kuseri kwa mpando womaliza, pansi pa mipando ndi pamiyendo pa okwera.

Takisi yokwera anthu angapo ndi galimoto yaing'ono, kawirikawiri ya mtundu umene anthu amautcha siyenta, yomwe ili ndi mipando isanu ndi iwiri kuphatikizapo wa woyendetsa. Aliyense amalipira mpando wake. Takisi yotere ndi yosiyana ndi ya hayala, imene munthu mmodzi amalipira galimoto yonse.

Chifukwa chimene mtengo wa mpando umasiyanira

Galimoto iliyonse ikamayenda imawononga ndalama pa mafuta, malipiro a woyendetsa ndi kondakitala, matayala, kukonzetsa, inshulansi ndi ziphaso. Pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 300, palinso zipata ziwiri zolipiritsa galimoto, cha Kalinyeke ku Dedza ndi cha Chingeni ku Ntcheu. Ndalama zonsezi zimachokera m'matumba a okwera, ndipo funso ndi lakuti okwerawo alipo angati oti agawane.

Mu takisi, mtengo wa ulendo wonse umagawidwa kwa anthu asanu ndi mmodzi. Mu minibasi umagawidwa kwa anthu pafupifupi 15, pamene mu basi umagawidwa kwa anthu 60 kapena kuposerapo. Basi imamwa mafuta ambiri kuposa takisi, koma si mokwana kakhumi, pamene anthu amene imanyamula amachuluka kakhumi. Ichi ndi chifukwa chake paulendo wautali mpando wa basi wamba umakhala wotsikirapo, wa minibasi umabwera pakati, ndipo wa takisi umakwera kuposa yonse. Mabasi oyendera nthawi yoikika sali m'ndondomeko imeneyi, chifukwa mtengo wa tikiti yawo umaphatikizapo kunyamuka pa nthawi yake ngakhale mipando ina ilibe anthu.

Ndondomekoyi imasweka m'njira ziwiri zimene apaulendo ayenera kuzidziwa. Yoyamba ndi ya galimoto yobwerera. Takisi kapena minibasi imene yasiya anthu ndipo ikubwerera yopanda okwera imavomera mtengo wotsika, chifukwa mafuta obwererawo iwononga ndithu, okwera akhalepo kapena asakhalepo. Yachiwiri ndi ya maulendo afupiafupi. Munthu wokwera basi yaikulu mtunda wochepa sapindula kwenikweni, popeza eni basi amakonda kusungira mpando wokwera wa ulendo wonse, ndipo mtengo wa kamtunda kochepako sutsika molingana ndi kufupika kwake.

Nthawi imene mitengo imasintha

Mitengo ya maulendo imatsatira kwambiri mtengo wa mafuta, umene umalengezedwa ndi bungwe loona za magetsi ndi mafuta la MERA. Mtengo wa petulo kapena dizilo ukakwera, eni galimoto amakwezanso mitengo yawo pasanathe masiku ambiri. Mphamvu ya kwacha nayo imakhudza mitengoyi chifukwa mafuta, matayala ndi zipangizo zokonzera galimoto zimachokera kunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kusintha kotere kumafika mpaka pa mtengo wa mpando.

Palinso kusintha kwa kanthawi kochepa. Mitengo imakwera pamene okwera achuluka kuposa galimoto, monga pa nyengo ya Khirisimasi, potsegulira ndi potsekera sukulu, kumapeto kwa mwezi, madzulo ndiponso pamene mafuta akusowa. M'nyengo ya mvula, mitengo ya m'misewu yafumbi imakwera chifukwa galimoto zochepa zokha ndi zimene zimalolera kupitako. Chotero mtengo umene munthu analipira mwezi watha si umboni wa mtengo wa lero, ndipo kuyerekeza koyenera ndi kwa mitengo itatu yofunsidwa tsiku limodzi, pamalo amodzi.

Ndalama ya katundu

Chikwama cha m'manja kapena kathumba koyangata pamiyendo kawirikawiri sikalipiritsidwa m'galimoto iliyonse. Kulipira kumayamba katundu akafuna malo akeake, monga thumba la chimanga la makilogalamu 50, thumba la mbatata ya kachewere, dengu la tomato, belo la kaunjika, njinga kapena matiresi. Palibe mtengo umodzi wa katundu wotere. Kondakitala amayang'ana kukula kwake, kulemera kwake ndi kutalika kwa ulendo, kenako amatchula ndalama. Apa ndi pamene galimoto zitatuzi zimasiyana kwambiri, kuposanso momwe zimasiyanira pa mtengo wa mpando.

Mu basi yaikulu, thumba limalowa m'chipinda cha pansi ndipo silitenga malo a munthu aliyense. Kwa mwini basi, ndalama ya thumbalo ndi yongowonjezera pa imene wapeza kale pa mipando, choncho amatha kuvomera yochepa. Vuto la basi ndi lakuti mwini katundu saona katundu wake ulendo wonse. Basi ikaima pa siteji, chipinda chimatsegulidwa, ena amatsitsa matumba awo, ndipo matumba ofanana amatha kusokonezeka. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba dzina ndi malo otsikira pa thumba lililonse ndi utoto kapena cholembera chosafufutika, komanso kusuzumira pawindo kapena kutsika pamene chipindacho chatsegulidwa. Zinthu zosweka kapena zophwanyika msanga, monga mazira ndi tomato wakupsa, zimawonongeka m'chipindamo ngati zapanikizidwa ndi matumba olemera.

Mu minibasi, thumba limodzi kapena awiri amatha kukwana kumbuyo. Kumbuyoko kukadzaza, thumba lotsatira limaikidwa pa mpando, ndipo mpando umene wakhalidwa ndi thumba ndi mpando umene munthu akanalipira. Kondakitala amafuna ndalama yoyandikira mtengo wa mpando wonse. Zimenezi zikutanthauza kuti mtengo wa thumba mu minibasi umadalira nthawi imene munthu wafikira. Wofika minibasi isanadzaze amapeza malo kumbuyo ndipo amalipira pang'ono, pamene wofika mochedwa ndi thumba lomwelo akhoza kulipira kawiri.

Mu takisi, malo ndi ochepa kuposa monse. Mipando yakumbuyo ikakhala ndi anthu, kuseri kwake kumangotsala kampata ka zikwama zingapo. Kuti matumba akuluakulu alowe, mpando wakumbuyo uyenera kupindidwa, ndipo mwini matumbawo amalipira mpandowo. Popeza mpando wa takisi ndi wokwera mtengo kale, katundu wolemera amakweza mtengo wa ulendo wa pa takisi mofulumira kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti katundu amakhala pafupi ndi mwini wake, samatsitsidwatsitsidwa panjira, ndipo amafika msanga.

Mikangano yambiri ya katundu imayamba chifukwa mtengo sunakambidwe katunduyo asanakwezedwe. Thumba likamangidwa kale kumbuyo ndipo galimoto yanyamuka, wapaulendo sakhalanso ndi mphamvu zonenerera mtengo. Nthawi yoyenera kugwirizana ndi pamene katundu akadali pansi. Wapaulendo afunse mtengo wa zonse pamodzi, wa iye ndi katundu wake, mpaka pamalo otsikira otchulidwa dzina. Afunsenso ngati anyamata okweza katundu alipidwa ndi kondakitala kapena ndi iye, chifukwa m'madepoti ena okweza amafuna yawo payokha. Kumene kumaperekedwa tikiti, ndalama ya katundu ilembedwe pa tikitiyo kapena pa lisiti lake.

Nthawi yodikira

Kupatula mabasi oyendera nthawi yoikika, galimoto zonsezi zimanyamuka zikadzaza. Choncho kutalika kwa nthawi yodikira kumadalira zinthu ziwiri: mipando imene yatsala ndi kuchuluka kwa anthu amene akubwera. Masamu ake ndi osavuta. Ngati pa siteji pakubwera wokwera mmodzi pa mphindi zisanu zilizonse, takisi yopanda munthu idzadzaza pa mphindi 30, minibasi ya anthu 15 idzafuna ola limodzi ndi mphindi 15, pamene basi ya anthu 60 idzafuna maola asanu. M'madepoti akuluakulu anthu amabwera mochuluka kuposa pamenepa, makamaka m'mamawa, koma mfundo yake sisintha: galimoto ya mipando yambiri, imene mpando wake ndi wotsika mtengo, ndi yomweyo imene imachedwa kudzaza. Wokwera basi wamba amalipira ndalama yochepa, koma yotsalayo amalipira ndi nthawi yake.

Kuti adziwe kuti adikira nthawi yaitali bwanji, wapaulendo awerenge mipando yopanda anthu, kenako aone kwa mphindi khumi kuti akwera anthu angati. Ngati patsala mipando 12 ndipo pa mphindi khumi akwera awiri, ndiye kuti kudikira kukhala kwa ola lathunthu. Mawu a oitanira akuti galimoto inyamuka pompano, kulira kwa injini ndi kusunthasuntha kwa galimoto si zizindikiro zodalirika. M'masiteji ena mumakhalanso anthu ongodzaza mipando mwachiphamaso kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, ndipo amatsika mmodzimmodzi okwera enieni akamalowa. Anthu otere amadziwika chifukwa alibe katundu, amakhala pafupi ndi khomo, ndipo amadziwana ndi oitanira. Chizindikiro china ndi chakuti anthu akukwerabe koma mipando yopanda anthu sikuchepa. Munthu amene walipira kale komanso katundu wake wamangidwa amavutika kusintha galimoto, choncho kumene n'kotheka ndi bwino kulipira galimoto itadzaza kapena itanyamuka.

Kudikira sikuthera pa siteji yoyambira. Basi wamba ndi minibasi zimaima m'malo amalonda monga Dedza, Lizulu, Ntcheu ndi Zalewa kutsitsa ndi kufunafuna okwera ena, ndipo galimoto imene yanyamuka isanadzaze imakhalitsa m'malo amenewa. Pamalo ochitira chipikisheni a apolisi, basi ya anthu ambiri ndi katundu wambiri imatenga nthawi yaitali kuposa takisi. Basi yoyendera nthawi yoikika imayenda kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre pa maola anayi kapena asanu, koma ulendo womwewo pa basi wamba, kuphatikizapo kudikira mu depoti, ukhoza kutha tsiku lonse.

Palinso mchitidwe umene apaulendo amautcha kugulitsidwa. Minibasi ikatsala ndi anthu ochepa panjira, kondakitala amawasamutsira m'galimoto ina ndi kubwerera. Wokwera amadikiranso kuti galimoto yachiwiriyo idzaze, ndipo kawirikawiri ndalama imene makondakitala awiriwo apatsana imakhala ya anthu okha, osati ya katundu. Kondakitala wachiwiri amafunanso ndalama ya matumba. Wapaulendo asatsike m'galimoto yoyamba mpaka atamva makondakitala onse awiri akuvomereza pamaso pake kuti iye ndi katundu wake alipiridwa mpaka kumene akupita.

Kumene galimoto imasiya munthu

Gawo lachinayi la mtengo ndi la mtunda wotsala. Basi imatsitsa anthu mu depoti kapena pa siteji ya m'mbali mwa msewu waukulu. Kuchoka pamenepo, mwini katundu amafuna wilibala, kabaza kapena minibasi ina ya m'tauni, ndipo aliyense wa amenewa amalipiritsanso katundu. Munthu wopita ku Limbe amene basi yamusiya ku Wenela ali ndi ulendo wina woti alipire. Takisi, pokhala yaing'ono, nthawi zambiri imavomera kukasiya munthu pafupi ndi msika kapena pakhomo ngati awonjezera ndalama pang'ono.

Nthawi yofikira nayo ili ndi mtengo wake. Wofika usiku amapeza maminibasi a m'tauni atasiya kuyenda, ndipo amakakamizika kuchita hayala, kulipira malo ogona kapena kugona mu depoti akulondera katundu. Ndalama imene anapulumutsa posankha galimoto yotsika mtengo imathera pamenepo.

Chitsanzo: kuchoka pa Lizulu kupita ku Lilongwe

Msika wa Lizulu, m'boma la Ntcheu, uli m'mbali mwa msewu wa M1 ndipo umadziwika ndi mbatata ya kachewere, kabichi, tomato ndi ndiwo zina zamasamba. Kuchoka pamenepo kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita oposa 100, kudzera ku Dedza. Chitsanzo ichi ndi cha mayi wochita malonda amene wafika pa siteji 6 koloko m'mawa ndi matumba awiri a mbatata ndi dengu limodzi la tomato. Mitengo ndi nthawi zili apazi n'zongoyerekeza.

Pa basi, mpando ndi K8,000. Thumba lililonse ndi K2,000, dengu ndi K1,500, ndipo wilibala yochokera mu depoti kukafika mumsika ndi K1,500. Zonse pamodzi ndi K15,000. Popeza Lizulu ndi siteji ya panjira, mayiyu adikira basi yochokera kumwera kwa maola awiri, ndipo ulendo wake utenga maola awiri ndi theka. Afika 10:30 m'mawa.

Pa minibasi, mpando ndi K10,000. Thumba lililonse ndi K3,000, dengu ndi K2,000, ndipo wilibala ndi K1,500. Zonse pamodzi ndi K19,500. Kudikira ndi kwa mphindi 40, ulendo ndi wa maola awiri ndi mphindi 20, ndipo afika 9 koloko.

Pa takisi, mpando ndi K12,000. Matumba awiriwo atenga malo a mpando umodzi wopindidwa, umene ndi K12,000 inanso. Dengu ndi K2,000, ndipo woyendetsa wavomera kukamusiya pachipata cha msika ndi K1,000. Zonse pamodzi ndi K27,000. Kudikira ndi kwa mphindi 20, ulendo ndi wa ola limodzi ndi mphindi 40, ndipo afika 8 koloko.

Poyang'ana mipando yokha, takisi imaposa basi ndi K4,000. Katundu ndi potsikira zikawerengedwa, kusiyanako kumafika pa K12,000, kutanthauza kuti kwachuluka katatu. Funso lotsala ndi lakuti nthawi imene yapulumutsidwa ndi yokwana ndalama imeneyo kapena ayi. Njira yoyankhira ndi kugawa ndalama yowonjezerayo ndi maola amene apulumutsidwa. Takisi ikufika maola awiri ndi theka basi isanafike, choncho ola lililonse likugulidwa pa K4,800. Minibasi ikuposa basi ndi K4,500 ndipo ikufika ola limodzi ndi theka basi isanafike, choncho ola lililonse likugulidwa pa K3,000. Kuchoka pa minibasi kupita pa takisi, ola limodzi lokha likugulidwa pa K7,500.

Ndi manambala amenewa mayiyu akhoza kusankha molingana ndi malonda ake. Mbatata siwonongeka chifukwa chochedwa maola awiri, ndipo ngati ogula ake amapezeka tsiku lonse, basi ndi imene imamusiyira phindu lalikulu. Tomato ndi wosiyana. Amafewa akakhala padzuwa pa siteji, amaphwanyika m'chipinda cha pansi pa basi, ndipo ogula mopikula amakonda kugula m'mawa. Ngati kufika 10:30 m'malo mwa 9 koloko kungatsitse mtengo wa dengu lake ndi ndalama yoposa K4,500, ndiye kuti minibasi ndi yotsika mtengo kuposa basi, ngakhale pakhomo inatchula ndalama yokwererapo. Takisi ingamuyenerere pokhapokha ngati ola limodzi lomalizalo lingamupezetse ndalama yoposa K7,500, monga pamene pali wogula amene wagwirizana naye nthawi.

Munthu wina wokwera pa siteji yomweyo ndi chikwama chokha, wopita kuchipatala kapena ku ofesi imene itsekedwe masana, masamu ake ndi ena. Iye amalipira K8,000, K10,000 kapena K12,000 basi. Takisi ikumupulumutsira maola awiri ndi theka pa K4,000, imene ndi K1,600 pa ola. Ngati kufika msanga kungamuthandize kumaliza zimene wapitira ndi kubwerera tsiku lomwelo osalipira malo ogona, takisi ndi imene yamutsikira mtengo. Galimoto zake ndi zomwezo, msewu ndi womwewo, koma yankho lasintha chifukwa katundu ndi changu cha anthu awiriwa n'zosiyana.

Wochita malonda awerengerenso ulendo wobwerera. Mayi wa m'chitsanzoyu akabwerera pa basi ndi K8,000, ulendo wonse wamudyera K23,000, ndipo ndalama imeneyi iyenera kutuluka m'phindu la matumba awiri ndi dengu limodzi. Mtengo wa mpando wake susintha kaya wanyamula matumba awiri kapena anayi, choncho kuyenda kawirikawiri ndi katundu wochepa kumakweza mtengo wa mayendedwe pa thumba lililonse.

Malire a galimoto zonyamula anthu

Kawerengedwe kameneka kamagwira ntchito pa katundu wochepa, wa matumba awiri, atatu kapena anayi. Katundu akachuluka kuposa pamenepo, galimoto zonyamula anthu si zoyeneranso. Alimi kapena ochita malonda angapo akasonkhana ndi kulipira malo pa lole kapena pikapu, mtengo wa thumba lililonse kawirikawiri umatsika, ndipo mmodzi yekha ndi amene amaperekeza katunduyo.

Galimoto iliyonse ili ndi malire a anthu ndi kulemera kumene iyenera kunyamula. Matumba asanu a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 250, kulemera kofanana ndi kwa anthu akuluakulu pafupifupi anayi. Minibasi yodzaza anthu ikawonjezera katundu wotere kumbuyo, matayala amatentha ndi kuphulika mosavuta, ndipo mabuleki amachedwa kugwira, makamaka m'zitunda ndi m'mitsetse ya ku Dedza ndi Ntcheu. Galimoto yolemedwa imaoneka: kumbuyo kumatsika, matayala amaphwatalala, ndipo chitseko chakumbuyo chimamangidwa ndi chingwe chifukwa chakanika kutsekeka. Mu takisi, kukhazika anthu awiri pa mpando wakutsogolo kapena munthu pa mpando wa woyendetsa ndi kuphwanya malamulo a pamsewu. Galimoto yotere ikaimitsidwa ndi apolisi, okwera onse amachedwa, ndipo changu chimene analipirira chimatayika.

Galimoto yololedwa kunyamula anthu olipira imakhala ndi nambala zofiira, chiphaso chosonyeza kuti inayesedwa ndipo ili bwino, chilolezo chonyamulira anthu komanso inshulansi. Galimoto ya munthu wamba imene ikuchita matola ikhoza kutchula mtengo wotsika kuposa zonse, koma pakachitika ngozi okwera ake akhoza kuvutika kupeza chipukutamisozi. Kutsika kwa mtengo wotere sikuyenera kuikidwa pa sikelo imodzi ndi mitengo ya galimoto zovomerezeka.

Mafunso oyenera kufunsa asanakwere

Wapaulendo aliyense akulangizidwa kupeza mayankho a mafunso awa katundu wake akadali pansi:

1. Kodi mtengo wa munthu ndi katundu yense pamodzi ndi ndalama zingati, mpaka pa siteji iti?
2. Kodi katundu aikidwa pati, ndipo okweza ndi otsitsa alipidwa ndi ndani?
3. Kodi patsala mipando ingati, ndipo anthu akukwera mofulumira bwanji?
4. Kodi galimotoyi ikafika yokha kumene ikunena, kapena okwera asamutsidwa panjira?
5. Kodi kuchoka potsikira kukafika kumene ulendo ukuthera kufunika ndalama zingati, pa nthawi imene galimoto ikafike?

Madandaulo

Amene waona galimoto yonyamula anthu kapena katundu mopyola muyeso, yoyendetsedwa mosasamala kapena yopanda ziphaso akanene kwa apolisi apamsewu amene ali pafupi kapena ku ofesi ya nthambi ya boma yoona za galimoto ndi chitetezo cha pamsewu. Katundu akasowa, nkhaniyo ikanenedwe kupolisi tsiku lomwelo. Madandaulo okhudza kusintha mtengo ulendo uli mkati, kusiyidwa panjira munthu atalipira ulendo wonse, kapena chinyengo china pa malonda akhoza kupita ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC. Wodandaula akhale ndi nambala ya galimoto, tsiku ndi nthawi ya ulendo, malo okwerera ndi otsikira, ndalama imene analipira, komanso tikiti kapena lisiti ngati linaperekedwa. Nambala ya galimoto ilembedwe munthu asanakwere, chifukwa mkangano ukabuka panjira galimoto imachoka iye asanaione bwino.